Kuchulukitsa madesimo: werengani malo, mudziwe poika poyinti

Amene amatha kuchulukitsa 425 ndi 33 amathanso kuchulukitsa 4.25 ndi 3.3, chifukwa ntchito yolemetsa m'samu ziwirizi ndi imodzimodzi. Chowonjezera n'chimodzi chokha, ndicho kudziwa pamene kadontho kaja, kamene timati poyinti, kayenera kukhala pa yankho. Ambiri amagwera pomwepa. Manambala onse amawapeza bwinobwino, koma poyinti amaiika pena, yankho n'kukula kapena kuchepa ka 10, mwinanso ka 100.

Tiphunzirira pa samu imene mmisiri woika matailosi amakumana nayo nthawi zonse. Tiyerekeze kuti chipinda chayezedwa ndi tepi, ndipo chapezeka kuti m'litali ndi mamita 4.25, m'lifupi ndi mamita 3.3. Tikufuna kukula kwa pansi pake m'masikweya mita kuti tidziwe matailosi ogula. Samu yake ndi 4.25 × 3.3.

Choyamba: yerekezani yankho musanagwire pensulo

Musanalembe chilichonse, zungulizani manambala aja kuti akhale athunthu. 4.25 ili pafupi ndi 4, ndipo 3.3 ili pafupi ndi 3. Tsono 4 × 3 ndi 12. Popeza manambala onse awiri tawachepetsa pang'ono, yankho lenileni likhala pamwamba pa 12 koma osati patali. Lembani 12 ameneyu pambali pa pepala. Adzatithandiza kumapeto.

Ana ambiri amadumpha sitepe imeneyi poganiza kuti ikuwataitsa nthawi pamayeso. Ine ndimaona kuti ndi imene imapulumutsa malikisi ochuluka kuposa ina iliyonse, chifukwa imatenga kanthawi kochepa chabe, koma imagwira pafupifupi cholakwa chilichonse cha poyinti.

Chachiwiri: chotsani mapoyinti, muchulukitse ngati manambala athunthu

Iwalani kaye mapoyinti aja. 4.25 ikhale 425, ndipo 3.3 ikhale 33. Alembeni wina pansi pa mnzake, mogundizana kumanja monga mumachitira ndi manambala wamba. Musavutike kuti mapoyinti aloze pamzere umodzi. Kulozetsa mapoyinti ndi lamulo la samu yophatikiza ndi yochotsera, kuno lilibe ntchito.

```
    425
  ×  33
  -----
   1275
  12750
  -----
  14025
```

Mzere woyamba ndi 425 × 3, umene ukupereka 1275. Wachiwiri ndi 425 × 30, umene ukupereka 12750. Tikaphatikiza tikupeza 14025. Musafute kapena kusintha kanthu pa nambala imeneyi panopa. Ngakhale itathera ndi ziro, msiyeni ziroyo pomwepo. Chifukwa chake tichiona patsogolo.

Chachitatu: werengani malo a kumanja kwa poyinti m'funso

Bwererani ku manambala oyamba aja, amene ali ndi mapoyinti. Pa nambala iliyonse, werengani kuti kumanja kwa poyinti kuli manambala angati. Amenewa ndi amene tiziwatchula kuti malo. Pa 4.25 pali 2 ndi 5, ndiye kuti malo ndi awiri. Pa 3.3 pali 3 yekha, malo amodzi. Phatikizani: awiri ndi amodzi, onse pamodzi malo atatu.

Zindikirani kuti tikuwerenga kuchuluka kwa manambalawo, osati kukula kwake. 4.25 ndi 4.99 ndi 4.01 onse ali ndi malo awiri. Ziro amene ali pakati, monga wa mu 4.01, amawerengedwa nawo chifukwa naye watenga malo. Nambala yathunthu, monga 7 kapena 1200, ili ndi malo ziro, popeza kumanja kwa poyinti yake kulibe kanthu.

Chachinayi: ikani poyinti powerenga kuchokera kumanja

Tengani 14025. Ikani nsonga ya pensulo kumapeto kwenikweni, kumanja kwa 5. Yendani chobwerera kumanzere, kudumpha nambala imodziimodzi: dumphani 5, amenewo ndi malo oyamba, dumphani 2, achiwiri, dumphani 0, achitatu. Imani pamenepo, pakati pa 4 ndi 0, ndipo ikani poyinti. Yankho ndi 14.025.

Tsopano yang'anani 12 uja munalemba pambali. 14.025 ili pafupi naye, ndipo ili pamwamba pang'ono monga tinayembekezera. Mukanawerenga kuchokera kumanzere, mukanapeza 140.25, chimene ndi bwalo la nyumba yonse yaikulu osati chipinda chimodzi. Mukanapitiriza malo amodzi, mukanapeza 1.4025, malo ongokwana tebulo. Zonse ziwirizi 12 uja akuzikana nthawi yomweyo.

Njira yonse ndi imeneyi. Koma munthu amene wangoiloweza osadziwa chifukwa chake amasokonezeka akangokumana ndi maziro, ndiye tiyeni tikhalitse pa chifukwacho.

N'chifukwa chiyani poyinti imakhala pamenepo?

Pamene tinasandutsa 4.25 kukhala 425, sitinangofuta kadontho ayi. Tinaikulitsa nambalayo. Kusuntha poyinti malo amodzi kupita kumanja ndiko kuchulukitsa ndi 10: 4.25 imakhala 42.5. Kuisunthanso kachiwiri ndiko kuchulukitsanso ndi 10: 42.5 imakhala 425. Choncho 425 ndi 4.25 yokulitsidwa ka 100. Chimodzimodzi, 33 ndi 3.3 yokulitsidwa ka 10.

Tsono ganizani za chipinda chija. Mbali imodzi taitalikitsa ka 100, inayo taitalikitsa ka 10. Kutalikitsa mbali yoyamba yokha kukanakulitsa pansi ka 100. Chipinda chokula kalecho tikachitambasulanso ka 10 mbali inayo, ndiye kuti chakula ka 100 × 10, kumene kuli ka 1000. Nambala ija 14025 ndi yankho loona, koma la chipinda chokula ka 1000 kuposa chathu. Kuti tibwerere ku chipinda chathu tiyenera kugawa ndi 1000, ndipo kugawa ndi 1000 ndiko kusuntha poyinti malo atatu kupita kumanzere.

Zili ngati ngongole. Nthawi iliyonse mukasuntha poyinti malo amodzi kuti ntchito iphweke, mwabwereka 10 mmodzi. Pa nambala yoyamba munabwereka awiri, pa yachiwiri mmodzi. Pomaliza mubweza onse atatu, osapitirira komanso osaperewera.

Apa pakuonekanso chifukwa chake malo aja timawaphatikiza m'malo mowachulukitsa. Ena amafunsa kuti, ngati samu ndi yochulukitsa, bwanji sitikunena kuti 2 × 1? Yankho lili m'maziro. 100 ali ndi maziro awiri, 10 ali ndi mmodzi, ndipo 100 × 10 ndi 1000, wa maziro atatu. Ukachulukitsa manambala a mtundu wa 10, 100 ndi 1000, maziro awo amangosonkhana pamodzi. Malo aliwonse a kumanja kwa poyinti akuimira ziro mmodzi wotere. Tikamawerenga malo, kwenikweni tikuwerenga maziro amenewa.

Amene anazolowera mafulakishoni akhoza kuziona motere:

```
4.25 = 425/100
3.3  = 33/10
425/100 × 33/10 = 14025/1000 = 14.025
```

Pamwamba tachulukitsa 425 ndi 33, chomwe ndi sitepe yachiwiri ija. Pansi tachulukitsa 100 ndi 10, chomwe ndi sitepe yachitatu. Njira yowerenga malo ndi chidule chabe cha samu ya mafulakishoniyi.

Mukhozanso kudzitsimikizira ndi tepi yomwe ija. Mamita 4.25 ndi masentimita 425, ndipo mamita 3.3 ndi masentimita 330. Apa palibe poyinti iliyonse yovutitsa. 425 × 330 ndi 140250, m'masikweya sentimita. Sikweya mita imodzi ili ndi masikweya sentimita 10,000, popeza ndi 100 × 100. Gawani 140250 ndi 10,000, mupeza 14.025 yomwe ija.

Lamuloli silachilendo. Katswiri wa masamu Simon Stevin, wobadwira ku Bruges m'dziko limene lero ndi Belgium, anafalitsa madesimo ku Ulaya m'chaka cha 1585. Iye sankalemba poyinti. Pambuyo pa nambala iliyonse ankaika kanambala kozunguliridwa kosonyeza malo ake: 0 pa gawo lathunthu, 1 pa malo oyamba, 2 pa achiwiri, mpaka kumapeto. Pochulukitsa ankatenga chizindikiro chomaliza cha nambala iyi ndi chomaliza cha inayo n'kuziphatikiza, ndipo zotsatira zake zinkakhala chizindikiro chomaliza cha yankho. Kalembedwe kake kanali kotopetsa ndipo kanasiyidwa, koma kuwerenga malo kumene tikuchitaku n'komweko.

Manambala akaperewera: nkhani ya 0.3 × 0.3

Kukula kwa chipinda takupeza. Tsopano tiyerekeze kuti matailosi amene tikufuna ndi a masentimita 30 mbali zonse, ndiye kuti mamita 0.3 ndi 0.3. Tailosi imodzi ikuphimba malo aakulu bwanji?

Tsatirani njira ija. Chotsani mapoyinti: 3 × 3 ndi 9. Werengani malo: amodzi pa 0.3 woyamba, amodzi pa wachiwiri, onse pamodzi awiri. Vuto ndi lakuti 9 ndi nambala imodzi yokha, koma tiyenera kudumpha malo awiri. Mukadumpha 9, manambala atha, chikhalirecho kwatsala malo amodzi. Pamenepa ikani ziro kumanzere kwa 9 kuti atenge malowo, kenako poyinti, kenako ziro wina kutsogolo kwa poyintiyo posonyeza kuti palibe gawo lathunthu. Yankho ndi 0.09.

Anthu ochuluka, akulu omwe, amalemba 0.9 pa samu imeneyi. Diso limaona 0.3 ndi 0.3, mutu n'kuganiza kuti yankho liyenera kufanana nawo maonekedwe. Kuti muone kuti 0.9 n'zosatheka, jambulani pansi sikweya ya mita imodzi mbali zonse. Gawani mbali iliyonse m'magawo 10, gawo lililonse masentimita 10, ndipo lembani mizere yopingasana. Mukhala ndi timabokosi 100. Kabokosi kamodzi ndi mita 0.1 m'litali ndi 0.1 m'lifupi, ndipo ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sikweya yonse. Izi zikutanthauza kuti 0.1 × 0.1 ndi 0.01. Tsopano goneketsani tailosi ija pangodya. Itenga timabokosi titatu mbali iyi ndi titatu mbali inayo, tonse pamodzi 9. Timabokosi 9 mwa 100 ndi 0.09. Ikanakhala 0.9, tailosi imodziyo ikanaphimba timabokosi 90, pafupifupi sikweya mita yonse, pamene ndi maso mukuona kuti yangotenga kangodya chabe.

Onani zimene kaziro kameneka kamachita kusitolo. Kuti mupeze matailosi ofunika, mugawa 14.025 ndi kukula kwa tailosi imodzi. Ndi 0.09 mupeza 155 ndi kachidutswa, ndiye kuti 156, osawerengera oonjezera a zoduladula ndi zosweka. Ndi 0.9 mupeza 16. Munthu wonyamula matailosi 16 kupita nawo m'chipinda chimene khoma lake lalifupi lokha likufuna matailosi 11 pamzere umodzi sachedwa kuzindikira kuti china chalakwika, koma amakhala atalipira kale galimoto.

Ziro woonjezerayo amaikidwa kumanzere nthawi zonse, pakati pa poyinti ndi manambala amene mwapeza. Mukamuika kumanja mupeza 0.90, imene ndi 0.9 yomwe ija yolakwika. Ndipo si nthawi zonse pamene amafunika. Tailosi ya masentimita 40 ndi 0.4 × 0.4, 4 × 4 ndi 16, manambala awiri okwanira malo awiri, yankho 0.16. Ya masentimita 60 ndi 0.36. Musaloweze kuti samu yotere imakhala ndi ziro kapena ilibe. Werengani malo basi. Nthawi zina maziro ofunika amaposa mmodzi: 0.02 × 0.04 ndi 2 × 4, yemwe ndi 8, malo anayi, choncho 0.0008.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ana pamenepa. Kuyambira m'makalasi oyamba anazolowera kuti kuchulukitsa kumakulitsa nambala, tsono akaona 0.09, yochepa kuposa 0.3, amaikayikira. Koma kuchulukitsa ndi nambala yosakwana 1 ndiko kutenga gawo chabe la chinthu. 0.5 × 8 ndi theka la 8, lomwe ndi 4. Momwemonso 0.3 × 0.3 ndi magawo atatu mwa 10 a 0.3, ndipo gawo la chinthu silingapose chinthucho. Gwiritsani ntchito mfundo imeneyi ngati muyeso pamene kuzunguliza manambala sikukuthandiza: ngati nambala imodzi ili pansi pa 1, yankho liyenera kuchepa kuposa inayo. Ngati zonse ziwiri zili pansi pa 1, yankho liyenera kuchepa kuposa zonse ziwiri. 0.9 ikulephera muyeso umenewu poyera.

Yankho likathera ndi maziro

Ili ndi dzenje lina, ndipo limagwetsa ngakhale ana ochenjera chifukwa amafulumira kukonza yankho kuti lioneke bwino. Tichoke kaye m'chipinda tipite kumunda. Alimi ambiri ku Malawi amayeza minda m'maekala, pamene malangizo ambiri a ulimi amalembedwa pa hekitala. Ekala imodzi ndi pafupifupi hekitala 0.4. Munda wa maekala 2.5 ndi mahekitala angati?

25 × 4 ndi 100. Malo ndi awiri, amodzi pa 2.5 ndi amodzi pa 0.4. Yambani kumanja kwa 100: dumphani ziro womaliza, dumphaninso winayo, ikani poyinti. Mwapeza 1.00. Panopa ndi pamene mungafute maziro aja n'kulemba 1. Maekala awiri ndi theka ndi pafupifupi hekitala imodzi, monga alangizi a zaulimi amanenera.

Wopupuluma amafuta maziro asanaike poyinti. Amatsala ndi 1, kenako n'kuwerenga malo awiri, n'kupeza 0.01. Wina amasiya maziro koma osawawerenga, n'kuyambira pa 1, ndipo mapeto ake ndi omwewo. Lamulo loti ziro wa kumapeto alibe ntchito limagwira pa nambala imene poyinti yaikidwa kale. Mu 1.00 maziro aja sakusintha kanthu. Mu 100 ndi amene akusiyanitsa 100 ndi 1. Choncho ndondomeko yake ndi yosasinthika: poyinti kaye, kufuta pambuyo.

N'chifukwa chakenso simuyenera kudabwa kakyuleta ya pafoni ikaonetsa yankho la malo ochepa kuposa amene munawerenga. Mukalemba 2.5 × 0.4, ionetsa 1 basi. Lamulo silinasweke, makinawo afuta okha maziro a kumapeto.

Nanga funso likalembedwa 2.50 × 0.4, ziro wa mu 2.50 awerengedwe kapena ayi? Zonse ziwiri n'zotheka, bola musasinthe maganizo pakati pa samu. Mukamusunga, muchulukitsa 250 × 4, mupeza 1000, malo atatu, yankho 1.000. Mukamufuta poyamba, mubwerera ku 25 × 4 ndi malo awiri. Yankho ndi 1 konsekonse. Cholakwa n'kumuwerenga pa malo koma osamuika pochulukitsa, kapena kumuika pochulukitsa koma osamuwerenga pa malo. Ine ndimakonda kufuta maziro otere m'funso ndisanayambe, chifukwa manambala amafupika.

Wofuna yankho lolondola kwambiri angagwiritse ntchito 0.405 m'malo mwa 0.4. Pamenepo 25 × 405 ndi 10125, malo ndi amodzi kuphatikiza atatu, onse anayi, ndipo yankho ndi 1.0125.

Ndalama, chizindikiro cha koma ndi manambala atatu

Nambala imodzi ikakhala yathunthu, malo onse amachokera ku inayo. Tiyerekeze kuti mukugula makilogalamu 2.5 a nyemba pa K1,200 pa kilogalamu. Chulukitsani 25 ndi 1200, mupeza 30000. Malo ndi amodzi okha, a mu 2.5. Yankho ndi 3000.0, ndiye kuti K3,000. Maziro awiri a mu 1200 si malo a desimo, ali kumanzere kwa poyinti. Nayonso koma, kachizindikiro kamene kali pakati pa 1 ndi 200 mu K1,200, si poyinti. Ingothandiza diso kuwerenga nambala yaitali. Mukaiwerenga ngati poyinti mupeza malo anayi, yankho n'kukhala K3.

Apa pafunika kusamala kwa amene ali ku South Africa kapena ku Mozambique, ndi amene amalandira makalata a mitengo ochokera kumeneko. M'maiko amenewa, m'sukulu ndi m'zolemba zambiri, koma ndi imene imagwira ntchito ya poyinti, kotero kuti 4,25 ndi 4.25 yathu ija. Njira yowerenga malo siisintha ngakhale pang'ono. Chofunika n'kudziwa poyamba kuti koma imene mukuionayo ikuimira chiyani.

Manambala ochulukitsa akakhala atatu, phatikizani malo a onse atatu. Tibwerere m'chipinda chija. Tisanaike matailosi tikufuna kuthira simenti yosalaza pansi, yochindikala masentimita 5. Poyamba sandutsani masentimita 5 kukhala mamita. Mita ili ndi masentimita 100, choncho ndi 0.05, osati 0.5 amene ndi theka la mita. Samu ndi 4.25 × 3.3 × 0.05. Tinapeza kale kuti 425 × 33 ndi 14025. Chulukitsani ndi 5, mupeza 70125. Malo ndi awiri, amodzi, ndi awiri, onse pamodzi asanu. Manambala a mu 70125 ndi asanu ndendende, ndiye poyinti ikhala kutsogolo kwa 7: makiyubiki mita 0.70125. Poyesa yankho, kumbukirani kuti 0.05 ndi theka la 0.1. Gawo limodzi mwa 10 la 14 ndi 1.4, theka lake ndi 0.7. Zikugwirizana.

Palibe mmisiri amene angaitanitse mchenga wa 0.70125. Adzanena 0.7 n'kuonjezerapo pang'ono. Kudula yankho motero n'koyenera, popeza tepi yeniyeniyo siyeza molondola mpaka malo asanu. Koma dulani kumapeto, samu yonse itatha. Mukadula pakati, kacholakwa kakang'ono kamakula. Wina akanena kuti 0.09 ili pafupi ndi 0.1 n'kugawa 14.025 ndi 0.1, apeza matailosi pafupifupi 140 m'malo mwa 156, ndipo mzere wathunthu ndi kupitirira udzasowa.

Pamene lamuloli silifika

Kuwerenga malo ndi kwa samu yochulukitsa yokha. Pophatikiza 4.25 ndi 3.3, mapoyinti amalozana pamzere umodzi ndipo yankho ndi 7.55, la malo awiri osati atatu. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Pophatikiza mumangosonkhanitsa magawo ofanana kukula: magawo a 10 ndi anzake a 10, magawo a 100 ndi anzake a 100, ndipo palibe gawo latsopano laling'ono limene limabadwa. Pochulukitsa mumatenga gawo la gawo linzake, monga tinaonera pa timabokosi tija, choncho magawo amanka nachepa ndipo malo amachuluka. Mwana amene akulemba 0.3 × 0.3 = 0.9 kawirikawiri amakhala kuti wabweretsa lamulo la kuphatikiza, lotsitsa poyinti molunjika, mu samu yochulukitsa. Kumuonetsa 0.3 + 0.3 ndi 0.3 × 0.3 moyandikana kumathandiza kuposa kumubwerezetsa samu zina makumi awiri.

Lamuloli limafunanso kuti nambala ikhale desimo yeniyeni, yogawika m'magawo a 10. Nthawi siili choncho. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Munthu akagwira ganyu maola awiri ndi mphindi 30, ena amalemba 2.30 n'kuchulukitsa. Tiyerekeze kuti malipiro ndi K800 pa ola. 2.30 × 800 ikupereka K1,840, ndipo samuyo payokha yawerengedwa bwino, poyinti ili pamalo pake. Koma mphindi 30 ndi theka la ola, ndiye nambala yoyenera ndi 2.5, ndipo malipiro ndi K2,000. Waganyu waberedwa K160 ndi kalembedwe chabe. Sandutsani mphindi kukhala desimo pogawa ndi 60 musanachulukitse: mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 45 ndi 0.75. Akalipentala oyeza matabwa m'mafiti ndi mainchi asamalenso chimodzimodzi, chifukwa fiti ili ndi mainchi 12. Mafiti 5 ndi mainchi 6 ndi 5.5, osati 5.6. Kwacha ndi tambala zilibe vuto limeneli, popeza kwacha imodzi ndi matambala 100, ndipo K12.50 ndi desimo yeniyeni ya malo awiri.

Palinso manambala amene malo ake satha, monga gawo limodzi mwa magawo atatu, limene ndi 0.333 kumapitirirabe osalekeza. Simungawerenge malo osatha, ndiye mumakakamizika kudula. Mukadula pa 0.33 n'kuchulukitsa ndi 3, mupeza 99, malo awiri, 0.99, pamene magawo atatu onse pamodzi ayenera kupanga 1. Ngati mukugawa K60,000 patatu, 0.33 × 60000 ikupatsani K19,800 m'malo mwa K20,000. Pa nambala zotere siyani desimo, ingogawani ndi 3.